Funso Lifunsidwe Pogula Tikiti, Osati Pakhomo la Basi

Munthu woyenda pa njinga ya anthu aulumali akafika pakhomo la basi m'dziko muno, sasowa omuthandiza. Kondakitala amathamangira, anyamata onyamula katundu amabwera, ena mwa okwera amatula zikwama zawo. Wina amagwira miyendo, wina m'khwapa, wachitatu amapinda njinga n'kuiponya kumunsi komwe kumakhala katundu. Basi ikanyamuka aliyense amamva bwino mumtima kuti wachitapo kanthu, kupatula mwina wonyamulidwayo.

Mtima wothandiza umenewu ndi wabwino ndipo sindikuunyoza. Koma ndikufuna kunena mosapita m'mbali kuti kunyamula munthu wamkulu ngati thumba la chimanga, anthu onse akuonerera, ndi chizindikiro chakuti ntchito ina yomwe imayenera kugwiridwa kale sinagwiridwe. Ntchitoyo ili m'malo atatu: pomwe munthu amagula tikiti, pomwe pali masitepe, ndi pampando womwe akakhalepo. Ife ophunzira nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Timakwera mabasi potsegulira ndi potsekera sukulu, komanso ndife amene timachita hayala mabasi a kwaya, a achinyamata ndi a ku misonkhano ya misasa. Pa maulendo otere, kalaliki wolemba maina ndi wogawa mipando ndife tomwe.

Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi aliwonse a zaka zisanu kapena kupitirira, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Sionse amene amavutika kuyenda, koma tikawonjezerapo agogo a nyamakazi, mayi woyembekezera, ndi wophunzira yemwe wathyoka mwendo pa mpira, tiona kuti basi ya anthu makumi asanu ndi limodzi siyenda kawirikawiri popanda wina wosowa thandizo pa masitepe.

Mafunso atatu a pa tikiti

Makampani a ndege anazindikira kalekale kuti mawu akuti “ndikubwera ndi njinga” sakwanira. Anthu awiri okhala pa njinga zofanana akhoza kusowa thandizo losiyana kotheratu. N'chifukwa chake munthu akamasungitsa malo m'ndege, kalaliki amalemba chimodzi mwa zizindikiro zitatu pa kompyuta. WCHR ndi ya munthu amene amatha kukwera masitepe ndi kuyenda mpaka pampando wake, koma sangayende mtunda wautali m'bwalo la ndege. WCHS ndi ya amene sangakwere masitepe, koma akangofika mkati amatha kuyenda yekha kukakhala. WCHC ndi ya amene sangayende n'komwe, ndipo ayenera kufikitsidwa pampando penipeni. Makampani ambiri amapempha kuti adziwitsidwe kutatsala maola 48, ndipo lamulo la mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya la chaka cha 2006 limatchulanso maola omwewo. Ku Britain, kuyambira 2022, wokwera sitima ya pamtunda amatha kupempha thandizo kutatsala maola awiri okha.

Phindu la zizindikiro zimenezi silili m'zilembozo ayi. Lili m'mafunso atatu omwe zikuimira, ndipo mafunsowo safuna kompyuta. Kodi mumatha kuyenda kuchokera pogulira tikiti kufika pa basi? Kodi mumatha kukwera masitepe a basi? Nanga mukalowa, mumatha kufika nokha pampando? Yankho lililonse limauza wokonza ulendo chochita. Amene sangayende mtunda afunika kuti basi imupeze pafupi kapena kuti wina amukankhe. Amene sangakwere masitepe afunika anthu awiri odziwa kunyamula, ndi mphindi khumi ena asanayambe kulowa. Amene sangafike yekha pampando afunikanso mpando woyandikana ndi khomo, chifukwa mpata wa pakati pa mipando m'basi ndi wopapatiza kuposa njinga iliyonse.

Taonani kuti pa mafunso atatuwa palibe lakuti “mukudwala chiyani?” kapena “zinayamba bwanji?” Zimenezo ndi za iye ndi dokotala wake. Wogulitsa tikiti afunika kudziwa zimene munthu amatha kuchita pa masitepe, osati mbiri ya moyo wake.

Pali funso lachinayi lokhudza njingayo: kodi imapindika, ndipo ndi yolemera bwanji? Njinga wamba yopindika imalowa bwino kumunsi kwa basi yaikulu. Koma njinga zambiri zomwe zimaperekedwa m'madera mwathu ndi zija za mateyala atatu, zokhala ndi teyala limodzi kutsogolo, zomwe anazipanga kuti ziziyenda m'njira zafumbi. Zimenezi n'zazitali ndipo zambiri sizipindika ngati zinzake. Ya batire ndiye yolemera kwambiri, moti munthu mmodzi sangaikweze. Kondakitala amene wadziwa izi dzulo amasiya malo asanalonge matumba a anthu ena. Amene wadziwira pakhomo amayamba kutsitsa katundu, okwera n'kumang'ung'udza, ndipo manyazi onse amagwera munthu amene sanalakwe chilichonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo amakhala wina, osati amene sanafunse.

Chimene chimalephereka kawirikawiri si kufunsa kokha, koma kufikitsa yankho kwa oyenera. Wa mu ofesi amamva, n'kuvomera mwaulemu, koma salemba. Kapena amalemba m'buku lomwe dalaivala saliona. Njira yodziwira ngati pempho lanu lafikadi ndi yosavuta: lilembedwe pa tikiti yanu komanso pa mndandanda wa okwera umene kondakitala amanyamula. Ngati silili pa mapepala awiriwa, dziwani kuti silili paliponse. Ndipo lifikenso kwa a kumene mukupita, chifukwa munthu akakwezedwa bwino ku Blantyre n'kukasowa womutsitsa ku Lilongwe, wathandizidwa theka la ulendo, ndipo theka lotsalalo ndi la usiku.

Rampu imayezedwa ndi tepi, osati ndi maso

Tsopano tibwere pa masitepe a pansi: a pa ofesi yogulitsa matikiti, a pa chipinda chodikirira, a ku chimbudzi, a pa holo yomwe ulendo ukukathera. M'zaka zapitazi nyumba zambiri zayamba kukhala ndi rampu, kanjira kotsetsereka kolowa m'malo mwa masitepe. Vuto ndi lakuti ambiri mwa marampu amenewa ndi oti munthu wa pa njinga sangawakwere yekha, ndipo ena ndi oopsa kuposa masitepe omwewo.

Muyezo womwe malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri amauika ngati malire ndi 1:12. Tanthauzo lake ndi lakuti pa sentimita iliyonse yokwera m'mwamba, rampu italike masentimita 12. Tiyeni tiwerengere limodzi. Khonde lili ndi masitepe atatu, lililonse masentimita 15. Kukwera konse ndi masentimita 45. Tikachulukitsa ndi 12 tipeza masentimita 540, omwe ndi mamita 5.4. Rampu ya masitepe atatu okha iyenera kutalika mamita asanu ndi kanthu. Ambiri akamva izi koyamba amadabwa, chifukwa zimene anazolowera kuona n'zazifupi.

Chimene mmisiri wofulumira amachita n'kungothira simenti pamwamba pa masitepe omwe alipo kale. Masitepe atatuwo, lililonse lokhala ndi popondera pa masentimita 30, amatenga malo okwana masentimita 90. Kukwera masentimita 45 pa mtunda wa masentimita 90 ndi 1:2, kutanthauza kuti phirilo ndi lokwera kasanu ndi kamodzi kuposa muyezo. Kusiyanaku kumamvekera m'manja. Munthu ndi njinga yake akamalemera makilogalamu 80, pa rampu ya 1:12 amakankha ngati akukoka katundu wa makilogalamu asanu ndi awiri. Pa ya 1:2 amakankha ngati wa makilogalamu 36, ndipo asanafike n'komwe pamwamba, mateyala akutsogolo amanyamuka, njinga n'kugwa chagada, mutu n'kumenyetsa pa simenti. Potsika ndiye zopondera mapazi zimagunda pansi, njinga n'kuima mwadzidzidzi, munthu n'kugwa chafufumimba.

Aliyense akhoza kuyeza rampu popanda kuitana injiniya. Tengani thabwa lowongoka lotalika masentimita 120 ndi levulo ya amisiri. Ikani nsonga imodzi ya thabwa pa rampu, loza kumunsi, ndipo mulikweze mpaka levulo itasonyeza kuti lagona bwino. Yezani mpata wa pakati pa nsonga inayo ndi simenti. Ukakhala masentimita 10 kapena kucheperapo, rampuyo ili bwino. Ukakhala 20 kapena 30, ndi chokongoletsera chabe.

Kutsetsereka si kokha kofunika. M'lifupi mwa njinga ya munthu wamkulu ndi masentimita 60 mpaka 70, ndipo manja oyendetsa mateyala amafuna malo awo, choncho rampu isachepere masentimita 90, ndipo mamita 1.2 ndiye abwino. Pamwamba pakhale malo athyathyathya, mamita 1.5 uku ndi uku, kuti munthu athe kuima, kutembenuka ndi kutsegula chitseko. Apa ndi pomwe omanga ambiri amaphonya: rampu yabwinobwino imathera pa chitseko chenicheni, chomwenso chimatsegukira kunja. Munthu akasiya mateyala kuti agwire chitseko, njinga imabwerera m'mbuyo. M'mbali mukhale kamzere ka njerwa koletsa teyala kugwera kunja, ndi chitsulo chogwirira, chomwe chimathandiza kwambiri oyenda ndi ndodo. Simenti ya pamwamba isasalazidwe ngati ya m'chipinda chochezera. Aipitse tsache ikadali yaiwisi kuti ikhale yokhakhala, apo ayi mvula ya Januwale idzaisandutsa poterera. Pomaliza yang'anani kumunsi. Rampu yothera mu ngalande, mu mchenga kapena pamalo pomwe wina amaimikapo galimoto tsiku lililonse ili ngati kulibe.

Wina anena kuti zonsezi n'zodula. Tiwerengerenso. Konkire ya masentimita 10 pa rampu ya mamita 5.4 m'litali ndi 1.2 m'lifupi imadya matumba a simenti anayi kapena asanu. Pansi pake pamadzazidwa ndi zibuma ndi dothi lotsendera. Onjezeranipo njerwa za m'mbali, malo a pamwamba aja ndi chitsulo. Si ndalama yochepa, koma ndi yoti kalasi imodzi yomaliza maphunziro ingathe kusonkha ngati mphatso yosiyira sukulu. Chodula kwenikweni ndi kumanga kawiri: koyamba ya 1:2 yojambulirapo chithunzi, kachiwiri yeniyeni mutagumula yoyambayo.

Masamu omwewa akutiuzanso malire a rampu. M'mabasi akuluakulu a maulendo ataliatali, okwera amakhala pamwamba pa malo a katundu, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi. Pa muyezo wa 1:12 pangafunike rampu yopitirira mamita 12, kutalika ngati basi yomweyo. N'chifukwa chake kumayiko kumene mabasi otere amanyamula anthu ali pa njinga zawo, amaika makina okweza m'mbali mwa basi, ndipo mabasi a m'tauni amawapanga otsika pansi kuti karampu kakafupi kakwanire. Mabasi ambiri omwe ali m'misewu yathu alibe zimenezi, ndipo minibasi ndiye sitinena. Choncho kunyamulana sikutha mawa. Koma kungachepe, kuchoka pa kasanu pa ulendo umodzi kufika pa kawiri, pokwera ndi potsika, ndipo kawiriko kungachitike mwa dongosolo.

Mpando wa kutsogolo ndi wa yani?

Mpando wosungidwira anthu ovutika kuyenda si mphatso ya ulemu. Uli ndi zifukwa zake zooneka. Uli pafupi ndi khomo, kotero wonyamulidwa sadutsitsidwa pakati pa mizere khumi ya anthu. Kutsogolo kwake kuli malo owongolera mwendo wosapindika kapena wa pulasitala. Kutsogolo kwa basi sikudumpha m'maenje ngati kumbuyo, ndipo izi n'zofunika kwa munthu amene msana wake sutha kumugwira bwino. Komanso dalaivala amamuona ndi kumumva. Kwathu kuno khomo la okwera lili kumanzere, choncho mipando iwiri yoyambirira ya mbali imeneyo ndiyo yoyenera.

Vuto ndi lakuti mpando womwewo aliyense amaufuna. Pa basi ya kampani umagulidwa msanga ndi amene wabwera koyamba. Pa basi ya mpingo kapena ya sukulu, mwambo wathu umaupereka kwa abusa, akulu a mpingo kapena aphunzitsi otsogolera. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma mpando wachitatu uli ndi ulemu womwewo kwa munthu amene miyendo yake ili bwino, pomwe kwa amene sangayende kusiyana kwa mpando woyamba ndi wachitatu ndi kwakukulu. Sindikukhulupirira kuti alipo mtsogoleri amene angakane kusuntha atauzidwa. Chimene chimachitika n'chakuti palibe amene amalimba mtima kuwauza, ndipo wosowa mpandoyo ndiye womaliza kulankhula. Njira yake ndi kugawa mipando pa pepala tsiku la ulendo lisanafike, kuti pasapezeke wochotsedwa pamaso pa anthu.

Kumata chikwangwani pa mpando sikuthetsa nkhani. Mlandu wina wa ku Britain ukuonetsa bwino chifukwa chake. M'chaka cha 2012, Doug Paulley, yemwe amayenda pa njinga, anafuna kukwera basi yochokera ku Wetherby kupita ku Leeds. Malo a njinga m'basimo munali mayi wina ndi chikuku cha mwana yemwe anali mtulo. Dalaivala anamupempha kuti asunthe, mayiyo anakana, ndipo basi inanyamuka kumusiya Paulley pa siteji. Iye anasumira kampani ya FirstGroup, ndipo mlanduwo unafika ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Mu Januwale 2017 khotilo linagamula kuti kungopempha kamodzi n'kusiya sikokwanira. Dalaivala akaona kuti wokanayo alibe chifukwa chomveka, ayenera kuumirira, ngakhale kuimitsa basi kwa mphindi zingapo. Khotilo silinanene kuti wokanayo atulutsidwe mokakamiza. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti mpando wosungidwa umafuna munthu wouteteza, ndipo munthuyo akhale wogwira ntchito m'basi, osati wokwera amene akuufunayo.

Eni mabasi ali ndi nkhawa yomveka: mpando wosungidwa ukapita wopanda munthu ndi ndalama yotayika. Koma palibe akunena kuti uziyenda wopanda munthu. Ugulitsidwe pomalizira. Pa basi yosungitsa malo, mipando iwiriyo isagulitsidwe mpaka patatsala ola limodzi kuti basi inyamuke, ndipo wougula pa nthawi imeneyo auzidwe kuti akhoza kupemphedwa kusinthana ndi wina wokwerera panjira. Kampani sitaya kanthu, kupatula chizolowezi.

Tisamalenso ndi maso athu. Si aliyense wofuna mpando umenewu amene amaoneka. Mnyamata wooneka wamphamvu akhoza kukhala ndi mwendo woikirira mkati mwa buluku, kapena anachitidwa opaleshoni sabata yatha. Akapempha, tisamuike pa mlandu.

Ulendo umodzi, kuyambira Lachitatu

Tiyerekeze kuti mtsikana wa chaka chachiwiri, amene miyendo yake sigwira ntchito chifukwa cha kuvulala msana, akupita kutchuthi kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Ndi makilomita opitirira 300, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, maola anayi kapena asanu. Basi inyamuka Lachisanu m'mawa.

Lachitatu akuimba foni. Pa mafunso atatu aja, akuyankha kuti pa njinga yake amayenda yekha mtunda uliwonse ngati pansi pali posalala, koma masitepe sangakwere ndipo pampando afunika kuikidwapo. Njinga yake imapindika. Kalaliki akulemba izi pa tikiti ndi pa mndandanda, akumupatsa mpando woyamba kumanzere, akumuuza kuti afike kutatsala mphindi makumi atatu, ndipo akutumiza uthenga ku ofesi ya ku Lilongwe.

Lachisanu, ngati ofesi ndi chimbudzi zili ndi rampu yoyezedwa, safuna dzanja la munthu mpaka pakhomo la basi. Pamenepo akukwera ena asanayambe. Omunyamula akhale awiri, ndipo ngati iye akufuna kuti akhale amayi, zimenezo zikonzedwe. Choyamba amufunse mmene amafunira kunyamulidwa, chifukwa iye wanyamulidwapo kambirimbiri ndipo amadziwa pomwe pamapweteka. Asamukoke manja kapena kumukolowetsa zala m'khwapa, poti mapewa ndiwo miyendo yake, ndipo phewa likavulala ndiye kuti sayendanso kwa masabata. Njinga imangidwe mabuleki asanamuchotsepo. Ndipo pomwe pafunika kukweza njinga munthu ali pomwepo, agwire chitsulo cha thupi la njingayo, osati zotsamira manja kapena zopondera mapazi, chifukwa pa njinga zambiri zimenezi zimazuka.

Khushoni ya pa njinga isapite kumunsi. Ikhale naye pampando. Munthu amene samva kuwawa m'munsi mwa thupi sadziwa pomwe khungu layamba kufinyika, ndipo maola angapo pa mpando wolimba akhoza kuyambitsa chilonda chomwe chimatenga miyezi kuti chipole. Njingayo ilowe pomalizira kuti idzatuluke koyambirira, iimikidwe chilili, ndipo pamwamba pake pasasanjikidwe matumba. Teyala likapindika, njinga imakokera mbali imodzi, ndipo yina siipezeka pa golosale. Ndikuonanso kuti kulipiritsa njinga ngati katundu n'kulakwa. Palibe amene amalipira padera chifukwa chokwera basi ndi miyendo yake.

Chinthu chimene anthu sachitchula ndi chimbudzi cha panjira. Basi ikaima mphindi khumi, ena amathamanga n'kubwerera, koma iye kuti atsike pafunika kutulutsa njinga, kumunyamula, kupeza chimbudzi cholowa njinga, kenako kubwereza zonse. Ambiri amasankha kusamwa madzi kuyambira usiku wa dzulo lake, zomwe n'zoopsa kwa munthu amene chikhodzodzo chake chimagwidwa matenda msanga. Wokonza ulendo amufunse mwakachetechete ngati adzafune kutsika, ndipo ngati ndi choncho asankhe poima poyenera ndi kuwonjezera nthawi.

Ku Lilongwe iye ndi womaliza kutsika, ndipo apa ndi pomwe anthu amaiwalika. Dalaivala watopa, kondakitala akugawa katundu, omuchingamira mwina achedwa. Lamulo likhale lakuti kondakitala sachoka mpaka wokwerayo atakhala pa njinga yake, ndipo iye mwini ataona kuti njingayo ili bwino. Mwa zonse zimene zachitika pa ulendowu, chofuna simenti ndi chimodzi chokha. Zina zonse ndi cholembera, foni ndi mphindi makumi atatu.

“Koma kuno kulibe otere”

Mawu amene amatseka nkhaniyi kawirikawiri ndi akuti pa basi yathu, kapena pa kwaya yathu, sipabwera anthu a pa njinga. Mwina n'zoona. Koma munthu amene ananyamulidwa kamodzi siketi itakwera m'mwamba, kapena amene njinga yake inathyoledwa, sabweranso kudzadandaula. Amangosiya kulembetsa. Kusaoneka kwawo ndi zotsatira za masitepe, osati umboni wakuti masitepe alibe vuto.

Pa za malamulo, dziko lathu linavomereza pangano la bungwe la mgwirizano wa mayiko onse lokhudza ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula mayendedwe mwachindunji pamodzi ndi nyumba ndi misewu. Tinakhala ndi lamulo la za ulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, ndipo bungwe la MACOHA linasintha kukhala MACODA. Mabungwe a anthu aulumali, kudzera mu FEDOMA, akhala akulankhula za mayendedwe kwa zaka zambiri. Zolemba zilipo. Koma lamulo silifika lokha pa fomu yolembetsera ulendo wa kwaya. Amalifikitsa ndi mlembi wa komiti.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu kwa makomiti athu okonza maulendo teremu ino isanathe. Fomu iliyonse yolembetsera ulendo ikhale ndi mafunso atatu aja, ofunsidwa kwa aliyense, kuti wosowa thandizo asachite kudziulula yekha pagulu. Mipando iwiri yoyambirira kumanzere igawidwe pomalizira, ndipo dzina la munthu woiyang'anira lilembedwe. Ndipo gulu limodzi la ophunzira, pamodzi ndi anzathu amene amayenda pa njinga kapena ndi ndodo, litenge thabwa la masentimita 120 ndi levulo, liyeze rampu iliyonse kuchokera pa geti mpaka pomwe basi imaima, n'kupereka manambala kwa oyang'anira nyumba. Pomwe mpata wapitirira masentimita 10, palembedwe kuti pakufunika kukonza, ndi tsiku lodzayezanso.